Wodwala mmodzi, ola limodzi: kusulana kwa ophunzira zachipatala

Aliyense amene anadikirirapo wodwala pa chipatala chachikulu, kaya ku Gulupu mumzinda wa Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe, anachionapo chimene chimachitika m'mawa. Dokotala wamkulu amayenda bedi ndi bedi, pambuyo pake pali gulu la anyamata ndi atsikana ovala makhoti oyera, timabuku tili m'manja. Akafika pa bedi lina, mmodzi wa iwo amauzidwa kuti afotokoze za wodwalayo. Wina amafotokoza mwachidule ndipo dokotala amangogwedeza mutu. Wina amayambira kutali, kutchula za agogo a wodwala ndi mtundu wa denga la nyumba yawo, mpaka dokotala amamudula pakamwa n'kumufunsa kuti, “Nanga iweyo ukuganiza kuti akudwala chiyani?” Apo m'pamene pamagwa bata.

Achinyamata amenewa amachokera ku masukulu monga Kamuzu University of Health Sciences, Malawi College of Health Sciences ndi Malamulo ku Thyolo. Ena adzakhala madokotala, ena makiliniko ofesa amene amanyamula ntchito yaikulu m'zipatala za m'maboma. Funso lija amakumana nalo onse, ndipo m'wodi mulibe nthawi yokwanira yoliphunzirira. Odwala ndi ambiri, aphunzitsi ndi ochepa, ndipo dokotala amene ali ndi mabedi makumi angapo oti awayendere sangaime theka la ola kuti wophunzira mmodzi asanthule maganizo ake. N'chifukwa chake ophunzira amakumana okha madzulo, asanu kapena asanu ndi mmodzi, m'kalasi yopanda anthu kapena pakhonde la hositelo.

Magulu oterewa ndi ambiri, koma opindulitsa ndi ochepa. Kawirikawiri mmodzi amene amadziwika kuti ndi wanzeru amatsegula buku n'kumawerengera anzake mutu wonse wa malungo, enawo akungovomereza. Amabalalika akumva ngati aphunzira. Mawa lake pa bedi, funso lija likabwera, bata limakhala lomwelo. Kumva za matenda n'kosiyana ndi kuona munthu amene sunauzidwe chimene akudwala n'kuganiza wekha. Gulu limene likufuna kuthandiza anthu ake liyenera kuyeseza chachiwirichi, ndipo chimayesezeka pokhapokha patakhala wodwala weniweni amene mmodzi wa iwo anamuona ndi maso ake, komanso ndondomeko yokakamiza wofotokoza kunena zimene zili m'mutu mwake.

Ndondomeko imodzi yodziwika bwino imatchedwa SNAPPS. Inafalitsidwa m'chaka cha 2003 ndi aphunzitsi a zachipatala a ku yunivesite ya Case Western Reserve ku America. Ili ndi masitepe asanu ndi limodzi. Wophunzira amafotokoza mwachidule mbiri ya wodwala ndi zimene anapeza pomuyeza, kenako amachepetsa matenda amene akuwaganizira kuti atsale awiri kapena atatu. Amawayerekeza, kunena chimene chikugwirizana ndi lililonse ndi chimene chikutsutsana nalo. Akatero amafunsa yekha mafunso pa zimene sakuzimvetsa, amanena zimene angamuchitire wodwalayo, ndipo pomaliza amasankha chinthu chimodzi choti akawerenge. Eni ake anaikonzera wophunzira amene akulankhula ndi mphunzitsi wake. Ikabwera pagulu la ophunzira okhaokha imagwirabe ntchito, koma pali dzenje limene limatsala, ndipo tifikapo.

Tiyerekeze gulu la anthu asanu ndi mmodzi amene ali m'wodi ya ana. Agwirizana kuti akhala ola limodzi, pa wodwala mmodzi. Wofotokoza anasankhidwa masiku awiri apitawo. Wina wagwira wotchi. Wina wapatsidwa ntchito yotsutsa, kutanthauza kuti chilichonse chimene wofotokoza anene kuti ndiye matenda, iye aziteteza china. Wina ndi mlembi, ndipo salemba zonse ayi, amangolemba mafunso amene gulu lalephera kuyankha. Ntchitozi zimasinthana sabata iliyonse. Pali lamulo limodzi limene silisintha: dzina la wodwala, mudzi wake ndi nambala ya bedi sizitchulidwa, ndipo palibe amene amajambula fayilo ya wodwala pa foni kuti atumizire anzake. Mayi amene anauza wophunzira za mwana wake sanavomere kuti nkhaniyo iziyenda m'mafoni a anthu.

Wofotokoza ali ndi mphindi zitatu. Akuti: “Ndi mwana wamwamuna wa zaka zitatu, wolemera makilogalamu 12. Watentha thupi masiku awiri, wasanza, ndipo usiku wathawu anakomoka kawiri. Pofika kuno sanali kudzuka. Thupi linatentha madigiri 39, m'manja munali moyererako, khosi silinali louma. Atamuyeza malungo ndi kachipangizo ka pachala anapezeka nawo.”

Mphindi zitatu zimaoneka zochepa, ndipo oyamba kumene amadandaula nazo. Koma kuchepako ndiye phunziro. Munthu sangafupikitse nkhani ngati sanasankhe chofunika ndi chosafunika, ndipo kusankhako ndiye kuyamba kuganiza ngati sing'anga. Wofotokoza amene wadya mphindi khumi nthawi zambiri amakhala kuti sanadziwe chimene akuchifunafuna, ndiye wangokhuthula zonse kuti omvera asankhe okha.

Wotchi ikaima, anzake amaloledwa kufunsa mafunso a mbiri yokha, osati kutchula matenda. Apa m'pamene ndimaona kuti gulu la Amalawi lili ndi ntchito imene buku lochokera kunja silingawagwirire. Mayi amalankhula Chichewa, fayilo imalembedwa m'Chingerezi, ndipo pakati pa ziwirizi zinthu zimatayika. Mmodzi akufunsa: “Mayiwo atati anakomoka, amatanthauza chiyani? Mwana amaphupha, manja ndi miyendo zikugwedezeka, kapena anangoti zii?” Mawu akuti kukomoka timawagwiritsa ntchito pa zonse ziwiri, pamene kwa woyeza wodwala ndi zinthu zosiyana. Chimodzimodzi mayi akanena kuti mwana anadwala malungo mwezi watha, mwina akunena za kutentha thupi kulikonse, mwina akunena za malungo oyezedwa. Wofotokoza wathu akuyankha kuti anafunsa, ndipo mayi anaonetsa ndi manja mmene mwana ankagwedezekera. Pa za mwezi watha akuvomera kuti sanatsegule buku la kuchipatala la mwanayo. Mlembi walemba.

Wina akufunsa kuti mawu akuti “sanali kudzuka” akutanthauza chiyani m'manambala. Funsoli lili ndi yankho lobadwira konkuno. Muyeso umene madokotala m'maiko ambiri amagwiritsa ntchito poona kukula kwa chikomokere mwa ana aang'ono umatchedwa ndi dzina la mzinda wa Blantyre, chifukwa unakonzedwa kumeneko chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi Malcolm Molyneux, Terrie Taylor ndi anzawo. Umayang'ana zinthu zitatu. Maso: mwana akamatsatira nkhope ya mayi ake amapeza 1, apo ayi 0. Kusuntha: akamutsina n'kulondola pamene pakupweteka kuti achotse dzanja la womutsinayo amapeza 2, akangobweza chiwalo 1, akapanda kusuntha 0. Mawu: kulira koyenera ndi 2, kubuula ndi 1, kukhala chete ndi 0. Mwana wabwinobwino amapeza 5. Wathuyu sankatsatira ndi maso, ankangobweza mwendo ndiponso kubuula, ndiye anapeza 2. Kuyambira 2 kutsika m'munsi ndi chikomokere chenicheni. Gulu labwino limauza wofotokoza kuti aimirire asonyeze pa mnzake mmene anayezera, chifukwa ambiri amaloweza manambala koma sadziwa kusiyanitsa kulondola ululu ndi kungobweza chiwalo.

Tsopano wofotokoza ayenera kudziika poyera. Akuti akuganizira zinthu zitatu: malungo a mu ubongo, matenda oumitsa khosi, ndi kuchepa kwa shuga m'magazi. Saloledwa kutchula khumi. Kutchula matenda khumi ndi njira yobisalira, popeza limodzi mwa iwo lidzakhala loona ndipo palibe adzanene kuti unalakwa. Akafunsidwa limene akuliika patsogolo, akuti malungo a mu ubongo: ndi nyengo ya mvula, mwana watentha thupi, waphupha, ali chikomokere, ndipo kachipangizo kaonetsa malungo.

Wotsutsa akulowapo. “Asisi, khosi losauma likukutsimikizirani chiyani? Mwana amene wakomoka kwambiri khosi lake limatha kukhala lofewa ngakhale ali ndi matenda oumitsa khosi. Ndipo kuno kwathu nthawi ya dzinja, ndi ana angati amene akusewera panja ali ndi tizilombo ta malungo m'magazi? Kupezeka ndi malungo sikukutanthauza kuti malungowo ndiwo amukomola.”

Wotsutsayu sakungovuta. Pa kafukufuku amene anachitikira ku Blantyre n'kufalitsidwa m'chaka cha 2004, madokotala anayeza matupi a ana 31 amene anamwalira atapezeka kuti ali ndi malungo a mu ubongo potengera zizindikiro zonse zovomerezeka. Mwa anawo, 7 anapezeka kuti anamwalira ndi zifukwa zina. Pafupifupi mwana mmodzi mwa anayi alionse. Amene anawaona anawo anali akatswiri a malungo, osati ophunzira. Ngati zizindikiro zimatha kusocheretsa anthu otere, wophunzira wa chaka chachitatu ali ndi chifukwa chokwanira chomvetsera mnzake amene akumutsutsa. Mutu wa munthu ukagwira yankho loyamba sufuna kulisiya, ndipo chilichonse chobwera pambuyo umachikokera komweko. Pawekha n'kovuta kudzigwira ukuchita zimenezi. Paja akuluakulu anati ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri. Ubwino wopereka ntchito yotsutsa mwadala ndi wakuti palibe amene amakwiya nayo. Aliyense akudziwa kuti mnzakeyo akugwira ntchito imene wapatsidwa, ndipo sabata yamawa adzasinthana.

Nanga shuga? Wofotokoza akuti namwino anayeza mwana atangofika, ndipo anapeza 1.9, pamene pa malungo aakulu chilichonse chochepera 2.2 chimawerengedwa kuti ndi shuga wotsika moopsa. Anamupatsa gulukosi kudzera mumtsempha, shuga anakwera, koma patapita ola mwana anali adakali pa 2. Anzake akumufunsa chifukwa chimene sanatchulire zimenezi m'mphindi zitatu zija. Ndi cholakwa chaching'ono pakhonde la hositelo, koma chachikulu pa foni usiku. Amene akumva nkhani ya mwana wokomoka amafuna kudziwa za shuga asanamve china chilichonse, chifukwa shuga wotsika amapha msanga, amawononga ubongo, komanso amakonzeka m'mphindi zochepa. Ndiponso sunganene kuti chikomokere ndi cha malungo usanakonze shuga ndi kudikira kuti papite nthawi, theka la ola kapena kuposerapo, chiphuphireni mwanayo.

Sitepe lachinayi ndi limene ambiri amalithawa, ndipo kwa ine ndi limene limasiyanitsa gulu lamoyo ndi lakufa. Wofotokoza ayenera kunena ndi pakamwa pake chimene sakuchidziwa. Tinakulira m'makalasi mmene kunena kuti “sindikudziwa” kunkabweretsa kuseka kapena chibalo, ndipo m'wodi wophunzira amaopa kuoneka wopepera pamaso pa akuluakulu. Choncho amaphunzira kubisa. Koma wogwira ntchito yachipatala amene anazolowera kubisa umbuli wake ndi woopsa kwa odwala, makamaka akadzakhala yekha pa chipatala cha kumudzi. Gulu likhazikitse lamulo lakuti wofotokoza samaliza asanatchule zinthu ziwiri zimene zikumuzunguza. Wathuyu akuti sakudziwa ngati kunali koyenera kutenga madzi a pamsana mwa mwana wokomoka chonchi, ndipo sakudziwa kuti kachipangizo ka pachala kamapitiriza kuonetsa malungo kwa nthawi yaitali bwanji munthu atamwa kale mankhwala.

Pofika pa chithandizo, mabuku ndi mafoni zimatsekedwa, ndipo aliyense amalemba yekha papepala mankhwala ndi mlingo wake asanamve za mnzake. Akangoyamba kulankhula mmodzi, enawo amangoti “eya, n'zomwezo,” ndipo palibe amadziwa ngati akanapeza okha. Mapepala akatembenuzidwa, onse alemba jakisoni wa atesuneti, koma awiri alemba mamiligalamu 29 pamene anayi alemba 36. Onse asanu ndi mmodzi akudzikhulupirira.

Ili ndi dzenje lija. M'ndondomeko yoyambirira pamakhala mphunzitsi woti adule mlandu. Pagulu la ophunzira palibe, ndipo chimene chimachitika n'chakuti wopambana amakhala wa mawu okwera kapena amene anakhoza bwino mayeso apitawo. Gulu limatha kuphunzitsana bodza mogwirizana bwinobwino, ndipo bodza lophunziridwa kwa mnzako limakhazikika kuposa la m'buku. Njira yake ndi imodzi: nkhani ya mlingo wa mankhwala siithetsedwa ndi mavoti kapena ndi kukumbukira. Pamatsegulidwa buku la malangizo a Unduna wa Zaumoyo kapena malangizo a bungwe la zaumoyo padziko lonse a chithandizo cha malungo, ndipo wina amawerenga mokweza. Akatero apeza kuti mamiligalamu 2.4 pa kilogalamu iliyonse ndi a munthu wolemera makilogalamu 20 kapena kuposa, pamene mwana wochepera apo amalandira mamiligalamu 3 pa kilogalamu. Wa makilogalamu 12 ayenera kulandira 36, pofika, patapita maola 12, ndiponso patapita maola 24. Awiri aja anagwiritsa ntchito mlingo wa akuluakulu, ndipo akanamupatsa mwanayo mankhwala operewera. Sadzaiwalanso, chifukwa analemba ndi dzanja lawo n'kuona cholakwacho.

Gulukosi nayenso amawerengedwa chimodzimodzi. Mlingo wake ndi mamililita 5 pa kilogalamu a gulukosi wa 10 peresenti, ndiye kwa mwanayu ndi mamililita 60. Wina akufunsa funso la munthu amene wakhalapo m'wodi usiku: nanga m'kabati mukakhala wa 50 peresenti yekha? Amasungunulidwa, gawo limodzi la gulukosi ku magawo anayi a madzi a jakisoni, kutanthauza mamililita 12 ndi 48. Pa za matenda oumitsa khosi akugwirizana ndi buku kuti ngati madzi a pamsana sanatengedwe, kapena zotsatira zake zisanabwere, mwana wotere amayambiratu kulandira mankhwala opha mabakiteriya pamodzi ndi a malungo. Sadikira.

Mphindi khumi zomaliza ndi za kuphunzitsana, koma pa mafunso a sabata yatha, osati a lero. Amene anatenga funso amapatsidwa mphindi zisanu, opanda pepala m'manja, ndipo amanena buku limene anapezamo yankho. Ndimakonda gulu limene limamuuza kuti afotokoze kawiri: koyamba monga angauzire dokotala, kachiwiri m'Chichewa monga angauzire mayi wa mwana. Kachiwirika n'kovuta kwambiri. Mawu a Chingerezi a m'buku munthu amatha kuwabwereza asanawamvetse, koma kuti uuze mayi chifukwa chimene mukufuna kubaya mwana wake pamsana, pamene iye anamva kwa anthu kuti jakisoni ameneyo amapha kapena kulumalitsa, uyenera kuimvetsa nkhaniyo mpaka pansi. Amene amapindula koposa pa mphindi zisanuzi ndi wophunzitsayo.

Mafunso a lero amagawidwa, lililonse ndi mwini wake. La kachipangizo ka pachala lili m'mabuku, ndipo wolitenga adzapeza kuti kamatha kuonetsabe malungo kwa masabata angapo munthu atachira, chifukwa kamayeza puloteni ya tizilombo imene imatsalira m'magazi. Tsono tiyerekeze kuti wofotokoza wabwerera ku wodi m'mawa, watsegula buku la mwana lija, n'kupeza kuti anamwa mankhwala a LA masabata atatu apitawo. Umboni umene anaudalira kwambiri wafooka, ndipo chofunika tsopano ndi kuona magaziwo pa maikulosikopu. Funso la madzi a pamsana ndi la mtundu wina. Buku limatchula zinthu zoletsa, monga mwana amene akupuma movutikira kwambiri kapena amene ali ndi zizindikiro zakuti ubongo watupa, koma kuzindikira zimenezi pa mwana weniweni kumafuna maso a munthu amene waona ana ambiri. Funso lotere gulu lisalimbane nalo. Mlembi alitengere kwa dokotala wa m'wodi. Dokotala wotanganidwa amene sangathe kuphunzitsa ola lonse nthawi zambiri amayankha mosangalala funso limodzi lolunjika bwino.

Gulu likayamba kufa limaoneka. Anthu awiri okhaokha ndi amene amalankhula. Ofotokoza amayamba kusaka matenda achilendo oti adabwitse nawo anzawo, kusiya chibayo, kutsegula m'mimba ndi kuchepa kwa magazi, zimene adzakumane nazo tsiku lililonse la ntchito yawo. Anthu amachuluka kufika khumi ndi awiri, ndipo theka la iwo amangobwera kudzamvera. Koma chizindikiro chodalirika kuposa zonse ndi kope la mlembi. Likakhala lopanda kanthu masabata awiri otsatizana, sikuti gululo ladziwa zonse. Anthu asiya kuvomera zimene sakuzidziwa. Zikafika apo ndi bwino kuligawa pawiri ndi kuyambiranso ndi wodwala wamba.

Pali malire ena amene ndiyenera kuwanena mosabisa. Zimene gulu lagwirizana madzulo si lamulo la chithandizo. Wophunzira akaona kuti pali chimene chinaphonyeka pa wodwala amene adakali m'wodi, monga mlingo woperewera kapena shuga amene sanayezedwenso, asadikire kukumana kwa sabata yamawa ndipo asasinthe kanthu payekha. Apite nthawi yomweyo kwa namwino kapena dokotala amene akuyang'anira wodwalayo.

Inu amene mumadikirira odwala, wophunzira akabweranso kachiwiri pa bedi kudzafunsa ngati mwana anagwedezeka kapena anangoti zii, kapena kudzapempha buku la kuchipatala limene dzulo sanalione, musamuone ngati wosokoneza. Muuzeni zonse monga munazionera, ndipo bukulo muzibwera nalo nthawi iliyonse mukamabwera ndi mwana ku chipatala.